Kamakina kolipirira ndi khadi, foni ndi malisiti: mafunso omwe amabwera mobwerezabwereza

Awa ndi mafunso omwe anthu a bizinesi zing'onozing'ono amafunsa akangoyamba kulandira ndalama pa khadi pogwiritsa ntchito kamakina kaja kolumikiza ku foni. Makampani opereka timakinati ndi ambiri ndipo maapu awo amasiyana maonekedwe, koma kagwiridwe kake ka ntchito mkati ndi kofanana, ndiye tikamba zomwe zimagwira pa onse.

Kodi kamakinaka kamagwira ntchito pakokha kapena mpaka pakhale foni?

Mpaka pakhale foni. Kamakina komwe tikukamba pano kalibe simu khadi ndipo sikadziwa njira yopitira ku banki, ntchito yake ndi kuwerenga khadi, kulandira pini ndi kubisa zomwe kawerengazo basi. Mtengo mumalemba pa apu mu foni, foniyo ndi yomwe ili ndi intaneti, ndiye ndi yomwe imanyamula uthenga kupita nawo ku seva ya kampani yomwe inakupatsani kamakinako, kuchoka apo uthenga umadutsa kwa Visa kapena Mastercard mpaka ukafike ku banki ya kasitomala, yankho nkubwerera njira yomweyo.

Apa pali chinthu choti muchisunge m'mutu chifukwa mayankho ambiri m'munsimu atsamira pomwepa. Pali milumikizo itatu yosiyana: kamakina ndi foni, foni ndi intaneti, foni ndi pulinta. Umodzi ukhoza kuduka ina iwiri ili bwinobwino. Anthu ambiri akangoona vuto amati "makina afa", chonsecho chafa ndi bandulo.

Makina akuluakulu aja okhala ndi sikirini yawo, simu yawo ndi pulinta pamwamba ndi nkhani ina, amenewo safuna foni.

Kamalumikizana bwanji ndi foni?

Timakina tambiri ta masiku ano timagwiritsa ntchito Bluetooth, makamaka mtundu wake wosadya moto kwambiri wotchedwa Bluetooth Low Energy womwe unabwera ndi Bluetooth 4.0. Tina timalowetsedwa pa chingwe cha USB-C, ndipo takale tija tinkalowa pa kabowo ka mahedifoni ka mamilimita 3.5, tomwe tinatha mphamvu mafoni ambiri atasiya kukhala ndi kabowoko.

Pa pepala amati Bluetooth imafika mamita 10 koma musadalire zimenezo, khoma kapena shelefu yachitsulo ikakhala pakati mtunda umachepa kwambiri. Foni ndi kamakina zizikhala pa tebulo limodzi.

Ndayatsa Bluetooth, foni ikukaona kamakina, koma apu ikuti palibe. Ndalakwitsa pati?

Funso ili ndiye limabwera kuposa onse. Nthawi zambiri cholakwika ndi chakuti mwakalumikiza kudzera mu Settings ya foni ngati mmene timachitira ndi sipika kapena mahedifoni. Timakina tambiri timafuna kuti kulumikizako kuchitikire mkati mwa apu ya kampaniyo, ndiye mukayamba ndi Settings foni imakagwira kamakinako, apu ikamafufuza sikukapezanso chifukwa katengedwa kale.

Kukonza kwake nkosavuta. Pitani pa mndandanda wa Bluetooth mu Settings, pezani dzina la kamakinako, dinani Forget kapena Unpair. Kazimitseni, kayatseninso, tsegulani apu, pitani pomwe pali zolumikiza kamakina, mulole apuyo ifufuze yokha. Dzina lomwe liwonekere nthawi zambiri limathera ndi manambala omaliza a siriyo nambala yomwe yalembedwa kuseri kwa kamakina, ndiye ngati oyandikana nawo ali ndi kofanana tembenuzani kanuko muyerekeze manambalawo musanadine. Timakina tina timaonetsa nambala pa sikirini yake ndi pa foni kuti mutsimikize kuti ndi yofanana, ikafanana vomerezani mbali zonse ziwiri.

Zikakanikabe, onani ngati kamakinako sikanalumikizidwe ndi foni ina yomwe ili pafupi, mwina ya mwana wa pashopu yemwe anakagwiritsa ntchito dzulo. Kamalankhula ndi foni imodzi pa nthawi imodzi, ndipo foni yakaleyo ikangoyandikira Bluetooth ili choyaka imakalanda mwakachetechete.

Nanga bwanji apu ikupempha chilolezo cha Location? Ikufuna izinditsatira?

Pali zifukwa ziwiri. Pa Android kuyambira 6 mpaka 11, apu iliyonse yofuna kufufuza zipangizo za Bluetooth Low Energy imayenera kukhala ndi chilolezo cha Location, ndi mmene anaipangira Android yo, ndiye mukakana apu imangozungulira osapeza kanthu ndipo nthawi zina sikuuzani nkomwe chifukwa chake. Pa mafoni ambiri Location yo iyeneranso kukhala choyatsa, chilolezo chokha sichikwana. Kuyambira Android 12 anabweretsa chilolezo china chotchedwa Nearby devices, chimenecho ndicho muyenera kuvomereza.

Chifukwa chachiwiri nchakuti makampani ena amafunadi kudziwa komwe malipiro akuchitikira pofuna kuthana ndi akuba, kuti kamakina kolembetsedwa m'dziko lina kasamakagwire ntchito kwina. Ndiye inde, pang'ono pokha akukuonani, koma mukakana simugulitsa.

Foni yanga imaona nambala ya khadi ndi pini ya kasitomala?

Ayi, ndipo ichi ndi chomwe mungawauze makasitomala okayikira. Kamakina kamabisa zonse zisanatuluke, chomwe chimadutsa mu Bluetooth ndi mu foni yanu ndi mtolo wotsekedwa womwe kiyi wake foni ilibe. Foni ndi mtumiki chabe wonyamula kalata yomata. Nchifukwa chake mu apu ndi pa lisiti mumangoona manambala anayi omaliza a khadi.

Makiyi obisirawo amakhala mkati mwa kamakina, ndipo anakapanga moti kakatsegulidwa kamawafufuta kokha. Nthawi zina kugwa mwamphamvu pa simenti kumakwana kuti kaganize kuti wina akukaphwasula. Mukaona mawu ngati Tamper kapena Tampered pa sikirini, kameneko katha, musapite nako kwa okonza mafoni, alibe chochita, ndi kampani yokha ingakupatseni kena. Pa chifukwa chomwechi cha chitetezo maapu ambiri amakananso kugwira pa foni yomwe inachitidwa ruti, kutanthauza yomwe wina anaichotsa maloko achitetezo a Android.

Kulowetsa khadi, kugunditsa ndi kuswayipa, pali kusiyana kwanji?

Kulowetsa ndiye kugwiritsa ntchito tchipu, kachitsulo kagolide kaja, pa ndondomeko yotchedwa EMV, dzina lochokera ku Europay, Mastercard ndi Visa. Tchipu imapanga nambala yapadera pa malipiro aliwonse ndiye nkovuta kuikopera. Khadi lisachotsedwe mpaka kamakina kanene. Kugunditsa kumagwiritsa ntchito tchipu yomweyo koma kudzera mu NFC, njira yopanda waya yogwira pafupi pokha, ndiye khadi liyenera kufika pafupi kwambiri, masentimita 4 kapena kucheperapo, ndipo lisungidwe pomwepo mpaka kalire, osangomenya nkuchotsa. Ndalama zikapitirira malire omwe banki inaika kamafunsa pini.

Kuswayipa ndi njira yakale ya kamzere kakuda kakuseri, zomwe zili m'kamzereko sizisintha ndiye akuba amazikopera mosavuta. Munthu akabwera ndi khadi lokhala ndi tchipu nkumaumirira kuti "tchipu siigwira, ingoswayipani", chenjerani, chifukwa mwini khadi weniweni akadzadandaula nthawi zambiri ndalamayo imadzachotsedwa kwa inu.

Lisiti limachokera kuti, mu kamakina kapena mu foni?

Kamakina sikasunga malisiti. Banki ikavomereza, malipirowo amalembedwa pa seva ya kampani yanu, apu nkuwaonetsa mu mbiri ya malipiro, yomwe m'maapu ambiri imatchedwa Transactions kapena History kapena Sales. Lisiti la pepala, la meseji ndi la imelo onsewo ndi makope chabe a zomwe zalembedwa pamenepo.

Tanthauzo lake ndi lakuti lisiti likapanda kutuluka sizikutanthauza kuti ndalama sizinadutse, komanso foni ikatayika malisiti sanataike, mukalowa mu akaunti yanu pa foni ina muwapeza onse ndipo mukhoza kutumizanso kapena kupulintanso lililonse.

Ndatumiza lisiti pa meseji kapena imelo koma kasitomala akuti silinafike

Choyamba dziwani kuti m'maapu ambiri meseji imeneyo sichoka pa simu yanu ndipo sidya mayunitsi anu, inu mumangolemba nambala, yotumiza ndi seva. Ndiye mukaifufuza m'mameseji anu otumizidwa simuipeza, ndipo kwa kasitomala imafika ndi dzina la kampani ija kapena nambala yaifupi yachilendo, osati dzina lanu, ndiye ambiri amaidumpha poyesa ndi zotsatsa malonda. Kawirikawiri mkati mwake mumangokhala linki, lisiti lenilenilo limatseguka pa intaneti, munthu wa foni ya mabatani kapena wopanda bandulo saliona. Maapu ena ali ndi batani la Share, limeneli ndiye limadutsa mu foni yanu ndipo mukhoza kutumiza pa WhatsApp.

Zomwe zimalepheretsa kwambiri ndi nambala yolakwika digiti imodzi, kuiwala khodi ya dziko ngati kasitomala ndi mlendo, ndi imelo yogwera mu Spam. Njira yabwino ndi kumupatsa foniyo alembe yekha. Ndipo nambala yomwe munthu wakupatsani kuti alandirire lisiti ndi ya lisiti basi, si yoti muyambe kumutumizira za katundu watsopano, m'maiko ambiri zimenezo nzosemphana ndi malamulo komanso ndi mwano chabe.

Kanthu kena kodabwitsa: makampani ena amakumbukira nambala kapena imelo yomwe inalembedwa koyamba pa khadi limenelo, ndiye ngati tsiku loyamba analipira ndi khadi la bambo koma nambala inalembedwa ya mayi, malisiti otsatira azipita kwa mayi mpaka wina asinthe.

Pulinta yake ndi yotani, ndipo imalumikizidwa ku kamakina kapena ku foni?

Ku foni. Kamakina ndi pulinta sizidziwana nkomwe, foni ndi yomwe imalankhula ndi zonse ziwiri ndipo imatha kutero nthawi imodzi popanda vuto. Pulinta zake ndi zija zopanda inki, zimalemba ndi kutentha pa pepala lopakidwa mankhwala omwe amada akatenthedwa. Pali masaizi awiri ofala, ya mamilimita 58 yomwe mzere umodzi umalowa zilembo 32, ndi ya mamilimita 80 yomwe umalowa pafupifupi 48. Ya 58 ndi yomwe imakhala yaing'ono ya batire yoyenda nayo.

Mosiyana ndi kamakina, pulinta zambiri za Bluetooth zimayamba kulumikizidwa mu Settings ya foni, zikafunsa nambala nthawi zambiri ndi 0000 kapena 1234, kenako nkukaisankha mu apu. Pamenepa ndi pomwe anthu amasokonezeka, chimodzi cha mu apu china cha mu Settings.

Musanagule, onani mndandanda wa mapulinta omwe apu yanu imavomereza. Zambiri zimamva chinenero chimodzi chotchedwa ESC/POS chomwe chinayambitsidwa ndi Epson, komabe maapu ena amangolola mitundu yochepa yomwe anaiyesa. A iPhone asamale kwambiri, pulinta zotchipa zambiri zimagwiritsa ntchito Bluetooth yakale ya mtundu wa SPP yomwe Android imailola koma iPhone siilola pokhapokha chipangizocho chili chovomerezedwa ndi Apple. Ndiye pulinta yoti imagwira bwino pa foni ya mnzanu ikhoza osaoneka nkomwe pa yanu.

Pepala likutuluka koma loyera, kapena zilembo zosamveka

Loyera mbee, pafupifupi nthawi zonse mpukutu walowa chagada. Pepalali limalembeka mbali imodzi yokha. Likandeni mwachangu ndi chikhadabo, mbali yomwe ichite kamzere kakuda ndi yomwe iyenera kuyang'ana ku mutu wotentha wa pulinta. Ngati mbali zonse ziwiri sizikuda, mwagula pepala wamba.

Zilembo zikamatuluka zofooka ndiye kuti batire yachepa moto kapena mutu wada, upukuteni ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti pulinta ili chozima ndipo yazizira. Mizere ikamathyokera pakati mtengo nkugwera mzere wapansi, mu apu mwasankha 80 pomwe pulinta ndi ya 58. Zikamatuluka zizindikiro zachilendo zokhazokha ndiye mwasankha mtundu wa pulinta wolakwika.

Kuti mudziwe ngati vuto ndi pulinta kapena foni pali kanjira kachidule komwe kamagwira pa zambiri: izimitseni, gwirani batani la FEED, yatsani mukadagwira, isindikiza tsamba lodziyesa yokha lomwe nthawi zambiri limaonetsanso dzina lake la Bluetooth ndi nambala yolumikizira. Tsambali likatuluka bwino pulinta ilibe mlandu, kafufuzeni ku foni.

Kasitomala walemba pini, foni yake yalira kuti ndalama zachoka, koma kwa ine lisiti silinatuluke. Ndimulipiritsenso?

Ayi, dikirani kaye, apa ndi pomwe pamabadwira mikangano yambiri. Tiyeni titenge chitsanzo. Nthawi ili 10:42, mayi wina walowetsa khadi lothera ndi 4821, walemba pini, apu yazungulira kwa masekondi angapo, pulinta ili zii. Mayiwo akukuonetsani meseji ya ku banki kwawo kuti ndalama zachoka, kumbuyo kwawo kuli mzere wa anthu.

Musayang'ane pulinta ndipo musadalire meseji ya pa foni yawo. Tsegulani mbiri ya malipiro mu apu, ikokereni pansi kuti itsitsimuke, fufuzani malipiro a 10:42 a khadi la 4821. Pali zinthu zitatu zomwe mungapeze.

Mukapeza alembedwa Approved kapena Successful ndipo pali nambala yachilolezo, ndalama zadutsa, chomwe chaduka ndi mlumikizo wachitatu uja basi. Apatseni katundu, tsegulani malipirowo mudine kupulintanso kapena atumizireni pa meseji, pulinta muiona bwino mzere ukatha, mwina yagona yokha posunga batire kapena pepala latha.

Mukapeza alembedwa Declined kapena Failed, kapena palibe chilichonse pomwe intaneti yanu ikugwira bwino, ndiye chomwe chachitika nchakuti banki yawo inavomera nkugwira ndalamazo koma yankho silinafike kwa inu, netiweki inaduka pobwerera kapena khadi linachotsedwa msanga. Zikatere dongosolo limatumiza uthenga wobweza lokha ndipo ndalamazo zimabwerera kwa mayiwo, nthawi zina mphindi zochepa nthawi zina masiku angapo, zimatengera banki yawo osati inu. Inu simunalandire kanthu, ndiye ayenera kulipiranso kapena kusiya katundu. Nkovuta kuwauza zimenezi munthu ataona ndalama zake zachoka, choncho aonetseni sikiriniyo, alembereni tsiku, nthawi ndi ndalama zake pa kapepala kuti akafunse ku banki kwawo zikachedwa. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuwabwezera kashi, chifukwa banki idzawabwezeranso ndipo oluza mudzakhala inu.

Mukapeza alembedwa Pending kapena apu ikukanika kutsitsimuka, simukudziwa kanthu panobe. Konzani intaneti kaye, sinthani kuchoka pa Wi-Fi kupita pa data kapena pemphani hotisipoti, mudikire mpaka asanduke chimodzi mwa ziwiri zija. Kulipiritsanso pa nthawi imeneyi ndi komwe kumachititsa kuti munthu adulidwe kawiri.

Zikachitika kuti mwadula kawiri ndipo onse awiri ali Approved, fafanizani amodzi tsiku lomwelo ndi Void ngati apu yanu ili nayo, chifukwa imaletsa malipiro asanamalizidwe. Refund ndi malipiro ena obwerera m'mbuyo ndipo amatenga masiku.

Manambala ambirimbiri a pa lisiti aja ndi a chiyani?

Ofunika kwa inu ndi awiri. Auth code ndi nambala yachilolezo yochokera ku banki ya kasitomala, imakhala ya zilembo kapena manambala 6, ndi umboni woti banki inavomera. RRN ndi nambala ya malo 12 yomwe a banki amafufuzira malipirowo, pakakhala mkangano ndi yomwe adzakufunseni. MID ndi TID ndi manambala a bizinesi yanu ndi a kamakina kanu. AID imanena mtundu wa khadi, mwachitsanzo A0000000031010 ndi Visa ndipo A0000000041010 ndi Mastercard.

Malipiro akakanidwa nthawi zina pamabwera khodi ya manambala awiri. 51 ndiye kuti ndalama sizikukwana, 55 pini yolakwika, 54 khadi linatha nthawi, 05 banki yangokana osanena chifukwa, 91 banki yawo sikuyankha. Pa zonsezi kamakina kanu kali bwino, kuzimitsa ndi kuyatsa sikuthandiza. Ndipo 51 ikabwera musalengeze pagulu, ingonenani kuti banki yakana.

Lisiti la khadi ndi lokwanira pa za msonkho?

Nthawi zambiri ayi. Lisiti la khadi limangonena kuti ndalama zakuti zalipiridwa ndi khadi lakuti, silinena kuti munthu wagula chiyani pokhapokha ngati katundu munamulowetsa mu apu mmodzimmodzi. Maiko ambiri ali ndi malamulo awo a lisiti la msonkho, ena amafuna makina kapena pulogalamu yovomerezeka ndi boma, ndiye funsani ku ofesi ya msonkho ya kwanuko musanataye buku lanu la malisiti.

Kamakina kamangoduka pakati pa tsiku

Onani zinthu zitatu. Batire ya kamakina ikatsika kwambiri kamayamba kuduka kapena kukana kugunditsa, ndiye kazigona pa chaja. Chachiwiri ndi foni yomwe, Android imakonda kupha maapu omwe ali kumbuyo posunga moto, pitani pa Battery mu Settings ya apuyo musankhe Unrestricted kapena chofanana nacho. Chachitatu ndi foni ina yolanda ija, onani funso lachitatu.

Apu ikanena kuti ikuika pulogalamu yatsopano mu kamakina musaidule, zimatenga mphindi zingapo, ndipo ndi bwino kutsegula apu m'mawa musanayambe kugulitsa kuti zimenezi zisakupezeni kasitomala ali chiimire.

Intaneti kulibe, ndingalandirebe khadi?

Makampani ena ali ndi njira yoti apu isunge malipiro nkudzawatumiza netiweki ikabwera, ena alibe. Komwe ilipo dziwani kuti banki sinafunsidwe, lisiti likhoza kutuluka bwinobwino koma madzulo malipirowo nkukanidwa, katundu atapita kale, ndipo oluza ndinu. Pamakhalanso malire a nthawi oti mukhale mutalumikiza, ndipo mukachotsa apu kapena kutuluka mu akaunti asanatumizidwe akhoza kutayikiratu. Malipiro amodzi amadya data yochepa kwambiri, chomwe chimafunika ndi netiweki yokhazikika osati yothamanga, ndiye simu yachiwiri ya kampani ina ya mafoni imathandiza kuposa njira imeneyi.

Malisiti a pepala akufufutika okha mu kabati

Ndi mmene lilili pepala lotentha. Dzuwa limalifufuta, kutentha kumalidetsa lonse, mafuta, selotepi ndi mapulasitiki ena ofewa zimadya zilembo, ndipo kulimata mu lamineta ndiye kulipheratu chifukwa limatuluka lakuda bii. Lomwe mukufuna kusunga lijambuleni kapena lichiteni fotokope tsiku lomwelo, koma chodalirika ndi kutsitsa lipoti la malipiro mu apu kumapeto kwa mwezi uliwonse nkulisunga pena, poti mukadzatseka akaunti kapena kusintha kampani mbiri ija mwina simudzaifikiranso.